Lipoti la kuyeza ndi kulongosola mphete, tcheni ndi ndolo za m'chuma cha masiye

Mmene nkhani inafikira kwa ine

Banja lina la ku Blantyre linandibweretsera zinthu zitatu zochokera m'chuma cha mayi wina amene anagwira ntchito ya unamwino ku Britain kwa zaka zambiri asanabwerere kumudzi kumene anamwalirira. Zinthuzo zinali mphete ya mwala umodzi woyera, tcheni chachikasu cha m'khosi, ndi ndolo ziwiri za miyala yofiira. Pa mndandanda wa katundu umene mwana wamwamuna wa malemu analemba, zinalembedwa kuti "mphete ya golide ya dayamondi", "tcheni cha golide wa makarati 18" ndi "ndolo za golide za rube". Banjalo linkafuna kugawa chumacho pakati pa ana atatu mopanda kukondera, ndipo mkangano unali utayamba kale pa tcheni, popeza ndicho chinali cholemera kwambiri m'manja komanso chowala kuposa zinzake.

Amalume a anawo, amene ndiwo mwini mbumba, anandiuza kuti: "Bambo, ife sitikufuna mtengo lero ayi, tikufuna mutilembere kuti chilichonse ndi chiyani, kuti wotenga asadzanene mawa kuti tinamupusitsa." Choncho ntchito yanga inali kulongosola, ndipo ndinawafotokozera tisanayambe kuti mayeso ena amafuna kupala chitsulo pang'ono pamalo obisika komanso kuchotsa mwala pa mphete. Anavomera ndipo anasayina, chifukwa chinthu cha mwini sichikandidwa ndi tupa popanda chilolezo cholembedwa.

Pa chinthu chilichonse ndimayankha mafunso atatu motsatana: chitsulo cha m'kati ndi chiti, pamwamba pake pakutidwa chiyani, ndipo mwala ndi wachilengedwe, wopangidwa m'fakitale koma wa mtundu womwewo, kapena wongofanizira. Mndandanda wa banjalo unasakaniza mafunsowa, unatenga mtundu wa pamwamba n'kuutcha dzina la chinthu chonse.

Tcheni

Pa kachitsulo kakang'ono ka pafupi ndi chokowekera panali chidindo cha 18K. Golide wosasakaniza amawerengedwa makarati 24, motero makarati 18 akutanthauza magawo 750 a golide pa magawo 1000 alionse, ndipo n'chifukwa chake zinthu zina zimadindidwa 750 m'malo mwa 18K. Koma chidindo chotere pachokha ndi mawu a wopanga chabe. Kachitsulo kodindira manambalawa aliyense angathe kukagula, ndiponso kachidutswa kokhala ndi chidindo kangathe kuchotsedwa pa tcheni china n'kulumikizidwa pa ichi. Pa tcheni chokutira chimene wopanga wake ndi woona mtima pamayembekezeka zilembo monga GP kapena GEP, zosonyeza kuti golide ali pamwamba pokha, koma apa panalibe.

Mwana amene analemba mndandanda anati anayesa tchenicho ndi maginito ndipo sichinakakamire, motero anatsimikiza kuti ndi golide. Mayeso amenewa amangochotsa zitsulo zokokedwa ndi maginito basi. Mkuwa, siliva ndi bulasi, chitsulo chachikasu chosakaniza mkuwa ndi zinki, nazonso sizikakamira, choncho tcheni cha bulasi chimapambana mayesowa mofanana ndi cha golide. Ndipo ngakhale pa tcheni cha golide weniweni, chokowekera chimatha kugwedezeka chikayandikira maginito chifukwa kasipulingi ka m'kati mwake kamakhala kachitsulo wamba, zimene zapangitsa anthu ena kukayikira chinthu chabwino.

Nditayang'ana ndi mandala okulitsa kakhumi, ndinaona zimene maso okha sakanaona. Pamene timphete ta tcheni timakhudzana n'kumapekesana, chikasu chowala chinali chitatha, pansi pake panaoneka kamzere koyererako ngati siliva, ndipo pakati penipeni pa malo operepesekawo panali chikasu china chofooka. M'makona a timphete ta kumbuyo kwa khosi munali tinyansi tobiriwira. Mitundu itatu yosanjikizana chonchi ndi chizindikiro cha bulasi amene anayamba wakutidwa ndi nikelo kenako golide, pamene golide wa thupi lonse akaperepeseka mtundu wake umakhala womwewo mpaka m'kati.

Kenako ndinayeza kulemera kwa chitsulocho poyerekeza ndi madzi, njira imene imafuna sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.01, kapu ya madzi ndi ulusi basi. Tcheni chili chouma chinalemera magalamu 24.6. Ndinaika kapu ya madzi pa sikelo n'kuibweza pa ziro, kenako ndinatsitsa tchenicho ndi ulusi mpaka chonse chitamira koma chosakhudza pansi kapena m'mbali mwa kapu, n'kuchigwedeza pang'ono kuti timpweya tobisala pakati pa timphete tituluke. Sikelo inawerenga magalamu 2.9, kumene ndi kulemera kwa madzi amene tcheni chinalanda malo ake. Kugawa 24.6 ndi 2.9 kumapereka pafupifupi 8.5. Golide wosasakaniza amapereka 19.3, wa makarati 18 amakhala pafupi ndi 15.5, pamene bulasi amakhala pakati pa 8.4 ndi 8.7. Tchenicho chikanakhala cha makarati 18, sikelo ikanawerenga pafupifupi magalamu 1.6 okha.

Nambala imeneyi sinali yokwanira kutsekera nkhani, chifukwa pali matcheni a golide weniweni amene timphete take ndi tamphako, ndipo mpweya wotsekeredwa m'kati umatsitsa nambala mpaka kufanana ndi ya bulasi. N'chifukwa chake ndinafunika kuona m'kati. Choyamba ndinakhuza tchenicho mopepuka pa mwala wakuda woyesera, ndipo mzere umene chinasiya unapirira asidi kwa kanthawi ngati kuti ndi golide wabwino. Apa ndi pamene oyeza ambiri ofulumira amagwera, popeza kukhuza kopepuka kumangotenga chokutira cha pamwamba. Nditapala ndi tupa kampata kakang'ono pa kamphete koyandikana ndi chokowekera n'kudonthezapo asidi wa naitiriki, pamalopo panachita thovu lobiriwira nthawi yomweyo, monga zimachitira zitsulo za mkuwa wambiri, ndipo kampheteko kanali kolimba mpaka pakati, kopanda mphako. Ntchito ya asidiyi imafuna magolovesi, magalasi oteteza maso ndi malo opita mphepo, ndipo si yoti munthu ayesere pa tebulo la kunyumba.

Kukhuthala kwa golide wokutira kumawerengedwa m'mamaikiloni, ndipo maikiloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita. Tsitsi la munthu limakhala pafupifupi mamaikiloni 70. Zokongoletsera zotsika mtengo zimakutidwa ndi golide wosafika ngakhale maikiloni imodzi. Titayerekeza kuti tchenichi chinakutidwa ndi theka la maikiloni ponseponse, golide yense wa pamenepo safika magalamu 0.1, pamene chikanakhala chimene chidindo chikunena bwenzi muli magalamu oposa 18 a golide wosasakaniza. Kusiyana kumeneku ndiko kunali pakati pa mawu a pa mndandanda ndi chinthu chenichenicho.

Mwana wamkazi wa malemu anafunsa ngati sitingalembe kuti ndi golide wa GF, popeza anamvapo kuti ameneyo ndi wabwinoko. Ndinakana, chifukwa zilembo zimenezo zili ndi tanthauzo lake lokhazikika. Pa malonda a ku Amereka, chinthu chodindidwa motere, mwachitsanzo 1/20 12K GF, chimakhala ndi chipepala cha golide chomatidwa pa bulasi ndi moto ndi mphamvu ya makina, ndipo chipepala cha golidecho chimayenera kukwana gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera konse. Pa kampata kamene ndinapala, chipepala chotero chikanaoneka ndi mandala ngati mzere wokhuthala, koma panalibe. Ndiponso ngakhale chinthu cha GF si golide wa thupi lonse, ndipo sichiyenera kulembedwa kuti "cha golide" popanda mawu ena.

Mphete

Mpheteyi inkaoneka yofooka mtundu ndipo palibe amene ankailimbirana. M'kati mwake munali zidindo zitatu zondondozana: zilembo za wopanga, nambala ya 375 m'kabokosi kodulidwa makona, ndi chithunzi cha nangula. Izi n'zosiyana ndi 18K wa pa tcheni. Ku Britain, lamulo la mu 1973 limaletsa kugulitsa chinthu cholemera kuposa galamu imodzi monga golide chisanayezedwe ndi kudindidwa ndi imodzi mwa maofesi anayi oyeza zitsulo, amene si a wopanga kapena wogulitsa. Nangula ndi chizindikiro cha ofesi ya ku Birmingham, mutu wa kambuku ndi cha ku London, duwa ndi cha ku Sheffield, ndipo nyumba ya malinga ndi cha ku Edinburgh. Nambala ya 375 ikutanthauza makarati 9, kapena kuti magawo 375 a golide pa 1000, otsalawo ali mkuwa, siliva ndi zinki.

Zidindo zoterezi nazonso zimatha kuberedwa, motero ndinayezabe. Kamodzi ka timano togwira mwala kanali katapindika kale, choncho kuchotsa mwala sikunawononge kanthu. Mphete yopanda mwala inalemera magalamu 2.40 ndipo m'madzi sikelo inawerenga 0.21, zimene zikupereka pafupifupi 11.4, pafupi ndi nambala ya golide wachikasu wa makarati 9 imene imakhala cha m'ma 11. Pa chinthu chaching'ono chonchi njirayi ndi yosalimba kwenikweni, chifukwa sikelo ikangophonya ndi 0.01 yankho limasuntha kuchoka pa 10.9 kufika pa 12.0, choncho ndinaitenga ngati umboni wothandizira chabe. Umboni waukulu unachokera pa kampata kamene ndinapala m'kati mwa mphete: mtundu unali umodzi mpaka pansi, mzere wochokera pamenepo unapirira asidi wa makarati 9 ndipo unazimiririka ndi wa makarati 14. Mpheteyi ndi golide wa thupi lonse wa makarati 9, ndipo golide wosasakaniza amene ali m'menemo ndi magalamu 0.9.

Mawu akuti "wa thupi lonse" sakutanthauza kuti ndi wosasakaniza, ndipo ndinaonetsetsa kuti banjalo lamvetsa zimenezi. Akungotanthauza kuti chitsulo cha kunja ndi chomwecho cha m'kati. Pa mpheteyi golide sakufika ngakhale theka, choncho kulemba "golide weniweni" popanda nambala ya makarati kukanakhala kusiya wogula kuti adziganizire yekha nambala yaikulu.

Mwala unali wozungulira, wa mamilimita 6.5 m'mimba mwake. Dayamondi wosemedwa bwino wa kukula kumeneku amalemera pafupifupi karati imodzi ya miyala, imene ndi magalamu 0.2, muyezo wosakhudzana ndi makarati a golide ngakhale dzina likufanana. Mwalawu unalemera magalamu 0.35. Dayamondi amalemera ka 3.52 kuposa madzi pamene zirikoniya, mwala wopangidwa m'fakitale wofanizira dayamondi, amalemera pakati pa ka 5.6 ndi ka 6.0, motero mwala wa zirikoniya umaposa dayamondi wa kukula komweko pafupifupi ka 1.7, monga mmene zinalili apa. Kachipangizo koyeza kayendedwe ka kutentha m'mwala, kamene kamalira kakakhudza dayamondi, sikanalire, ndipo ndi mandala ndinaona kuti mizere yokumanirana mbali zosemedwa inali yobuntha ndi yokalikakalika, chinthu chosayembekezeka pa dayamondi amene kulimba kwake ndi 10 pa muyezo wa Mohs pamene zirikoniya ali cha pa 8.5.

Kachipangizo ka kutentha kakanalira, nkhani sikanathera pomwepo. Mwala wina wofanizira wotchedwa moisanaiti umayendetsa kutentha pafupifupi ngati dayamondi ndipo umapusitsa tizipangizo takale, koma umagawa kuwala pawiri kotero kuti ukauyang'ana chopendekeka ndi mandala mizere ya pansi pake imaoneka iwiriiwiri. Palinso dayamondi wopangidwa m'fakitale, amene ndi dayamondi ndithu pa kulimba ndi kulemera, ndipo kumusiyanitsa ndi wa m'nthaka kumafuna makina a labotale. Woyeza amene alibe makinawo ayenera kulemba kuti mwala ndi dayamondi koma chiyambi chake sichinayezedwe.

Ndolo

Pa timitengo tolowa m'khutu panali 925, nambala ya siliva wa magawo 925 pa 1000. Munthu akaona 925 pa chinthu chachikasu adziwe kuti wopanga yekha akuvomereza kuti m'kati ndi siliva. Panalibe chidindo cha ofesi yoyeza, koma zimenezo sizinandidabwitse, popeza ndolo zonse ziwiri zinalemera magalamu 3.1 ndipo lamulo la ku Britain silikakamiza kudinda siliva wosapitirira magalamu 7.78. Kampata ka kumbuyo kanaonetsa chitsulo choyera pansi pa chikasu, ndipo mankhwala oyesera siliva anasanduka ofiira kwambiri pamenepo. Mayesowa amatsimikiza kuti ndi siliva wabwino koma sapereka nambala yeniyeni, n'chifukwa chake ndinalemba kuti zotsatira zikugwirizana ndi chidindo, osati kuti ndayeza 925.

Miyala yofiira ndi imene inafuna nthawi. Pa chipangizo choyeza mmene mwala umapindira kuwala, inawerenga 1.76 mpaka 1.77, nambala za rube, pamene galasi wamba lofiira limakhala cha m'ma 1.5. Choncho sinali yongofanizira ngati mwala wa pa mphete. Koma nditaiunika kuchokera m'mbali ndi kuitembenuza pang'onopang'ono pansi pa maikulosikopu, ndinaona mizere yopyapyala yokhotakhota mozungulira, yondondozana, ndi timpweya tiwiri tozungulira bwino. Mizere yokhota imeneyi imachokera ku njira imene Auguste Verneuil wa ku France analengeza mu 1902, yosungunula ufa wa aluminiyamu okusaidi pa lawi la moto kuti uzidontha n'kumaundana mosanjikizana pa mutu wozungulira. Rube wa m'nthaka, monga wokumbidwa pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu kapena ku Montepuez m'dziko la Mozambique, mizere yake ya kakulidwe imakhala yowongoka ndi yokumana m'makona, ndipo kawirikawiri amakhala ndi tisingano kapena timiyala tina m'kati.

Apa ndi pamene kulongosola kumavuta kwambiri, chifukwa mawu onse awiri amene anthu amathamangira ndi olakwika. Kulemba "rube" pokha kukanapangitsa wowerenga kuganiza za mwala wa m'nthaka, umene mtengo wake ungapose wa mwala uwu kutalitali. Kulemba "rube wabodza" kukanauika pamodzi ndi galasi, pamene uwu uli ndi zipangizo, kulimba kwa 9 ndi kuwala kwa rube ndithu. Mawu oyenera ndi akuti rube wopangidwa m'fakitale, ndipo mawu akuti wopangidwa ayenera kukhala pambali penipeni pa dzina la mwala, osati m'munsi mwa pepala ndi zilembo zing'onozing'ono.

Zimene ndinalemba

Pa chinthu chilichonse ndinayamba ndi chitsulo cha m'kati, kenako chokutira, kenako mwala, ndipo zimene zadindidwa ndinazilekanitsa ndi zimene zayezedwa.

Tcheni ndinachilongosola motere: "Tcheni cha bulasi chokutidwa ndi golide wopyapyala, magalamu 24.6. Chili ndi chidindo cha 18K chimene sichikugwirizana ndi zotsatira za mayeso. Pansi pa golide pakuoneka chitsulo choyera chofanana ndi nikelo, ndipo chokutira chaperepeseka m'malo ambiri. Kukhuthala kwa golide sikunayezedwe ndi makina." Za nikelo ndinazitchula dala, chifukwa anthu ena khungu lawo limatupa ndi kuyabwa likakhudzana naye, ndipo pa tchenichi wayamba kale kuonekera.

Mphete: "Mphete ya golide wa thupi lonse wa makarati 9, magalamu 2.40 popanda mwala, yodindidwa 375 ndi ofesi ya ku Birmingham. Mwala ndi zirikoniya wopangidwa m'fakitale, wa mamilimita 6.5, wofanizira dayamondi; si dayamondi."

Ndolo: "Ndolo za siliva zokutidwa ndi golide, magalamu 3.1 zonse ziwiri, zodindidwa 925, ndipo mayeso a mankhwala akugwirizana ndi chidindocho. Miyala ndi rube wopangidwa m'fakitale."

Amalume aja anafunsa ngati makina oyeza zitsulo otchedwa XRF, amene anamva kuti ogula golide ena amagwiritsa ntchito, sakanapereka yankho popanda kupala. Makinawo ndi abwino pa kutchula zitsulo ndi kuchuluka kwake, koma amawerenga mamaikiloni ochepa okha a pamwamba. Pa tcheni ichi akanaona bulasi kudutsa chokutira chopyapyalacho, koma pa chinthu chokutidwa mokhuthala amatha kuwerenga golide yekha, motero woyeza wosamala amapalabe kampata n'kulozetsa makina pamenepo.

Ndinawachenjezanso kuti amene atenge tcheni asadzachigulitse potengera chidindo chake, popeza tsopano akudziwa kuti n'chosaona, ndipo kugulitsa chinthu ndi mawu osocheretsa ndi nkhani imene wogula angapite nayo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Ndinapereka maganizo akuti kachitsulo ka 18K kachotsedwe, ndipo banja litavomera ndinakadula n'kukaika m'kathumba pamodzi ndi lipoti. Mwala wa pa mphete ndinaubwezera n'kuwongola kadzino kopindika kaja, ndipo banjalo linatenga makope atatu a lipotili, imodzi ya mwana aliyense, kuti akakambirane za kagawidwe ndi amalume awo kunyumba.